Gaga wa ku chigayo alembedwe pati m'buku la ndalama?

Kuseri kwa chigayo chilichonse chokonola kumakhala mulu wa gaga. Amayi oweta nkhumba amabwera ndi ndowa, anyamata a nkhuku za mazira amabwera ndi njinga, ndipo a ng'ombe za mkaka ku Thyolo ndi ku Bvumbwe, omwe amamutcha madeya, amachita kusungitsiratu matumba. Palibe anamanga chigayo kuti azipanga gaga. Chimene mwini chigayo amafuna ndi ufa, koma mphale singatuluke popanda khungu la chimanga kugwa pambali, ndipo khungulo lili ndi msika wake.

Zotuluka pambali zoterezi zili m'mafakitale ambiri a m'dziko muno. Opuntha mpunga ku Karonga ndi ku Nkhotakota amatsala ndi madeya komanso mpunga wosweka. Otokosa thonje amatsala ndi njere. Kampani ya Illovo ikaphika shuga ku Nchalo ndi ku Dwangwa imatsala ndi molasesi, madzi akuda onata aja, amene makampani a PressCane ku Chikwawa ndi Ethco ku Dwangwa amapangira ethanolo. Onsewa amakumana ndi funso limodzi pa kaundula wa chuma: ndalama ya chotuluka pambali ilembedwe pati, ndiponso liti?

Akauntanti ali ndi njira ziwiri zodziwika. Yoyamba imati gaga akangotuluka m'makina, tiyerekeze ndalama imene adzatisiyire m'manja, tiichotse ku ndalama zonse zimene tawononga popanga ufa. Yachiwiri imati tisamuwerengere konse mpaka tsiku limene wagulidwa, ndipo ndalama yakeyo tiilembe payokha pansi pa mutu wa ndalama zina. Ndalama yolowa m'thumba ndi imodzimodzi. Chimene chimasintha ndi mtengo umene mwini bizinesi amakhulupirira kuti ufa wake wamudyera, ndiponso phindu limene mwezi uliwonse ukuonetsa.

Kuti kusiyanaku kuoneke bwino, tiyerekeze kampani yaing'ono imene imagula chimanga, kukonola, kugaya ndi kugulitsa ufa m'matumba. Manambala onse a chitsanzochi ndi ongoyerekeza, asankhidwa kuti masamu asavute.

Mwezi wina kampaniyi yagula makilogalamu 10,000 a chimanga pa K800 kilogalamu, ndiye K8,000,000. Magetsi, malipiro a antchito, matumba a ufa ndi kutha kwa makina zadya K1,600,000. Zonse pamodzi ndi K9,600,000. M'makinamo mwatuluka makilogalamu 8,000 a ufa ndi makilogalamu 1,600 a gaga. Makilogalamu 400 otsalawo apita ndi fumbi, zitsotso ndi chinyezi.

Gaga akugulidwa pa K300 kilogalamu. Koma K300 yonseyo sikhala m'manja mwa kampani, chifukwa pofuna kumugulitsa pafunika matumba ndi galimoto yokatula kwa alimi, zimene zikudya K50 pa kilogalamu. Yotsala ndi K250. Nambala imeneyi ndiyo maziko a njira yoyamba: mtengo umene katundu akuyembekezeka kugulitsidwa pa malonda a masiku onse, kuchotsapo zonse zofunika kuti amalizidwe kukonzedwa ndi kufika kwa wogula. Tiutche mtengo wotsala m'manja. Anthu ambiri amalakwitsa pomwepa, amatenga mtengo wa pamsika osachotsapo kanthu, motero amamukweza gagayo kuposa momwe alili. Pa makilogalamu 1,600, mtengo wotsala m'manja ndi K400,000.

Wotsata njira yoyamba achotsa K400,000 ku K9,600,000 ija, ndipo zotsala K9,200,000 ndizo aziika pa ufa. Akagawa ndi makilogalamu 8,000, kilogalamu imodzi ya ufa yamudyera K1,150. Gaga naye walowa m'buku la sitoko ngati katundu wa K400,000.

Wotsata njira yachiwiri sachotsa kanthu. Ufa ukusenza K9,600,000 yonse, ndiye kilogalamu imodzi ikufika K1,200. Gaga ali m'nyumba yosungiramo katundu, aliyense akumuona, koma m'buku la ndalama mulibe dzina lake.

Mwezi umenewo kampani yagulitsa makilogalamu 6,000 a ufa pa K1,400, yapeza K8,400,000. Yagulitsanso makilogalamu 1,000 a gaga. Potseka mwezi, m'sitoko mwatsala makilogalamu 2,000 a ufa ndi 600 a gaga.

M'buku la njira yoyamba, ufa wogulitsidwawo unadya K6,900,000, choncho phindu ndi K1,500,000. Nanga gaga wogulitsidwa uja? Sakuwonjezera phindu lililonse, pakuti anali atalembedwa kale pa K250 ndipo wabweretsa K250 yomweyo. Thandizo lake linaonekera kale pamene anatsitsa mtengo wa ufa. M'buku la njira yachiwiri, ufa womwewo unadya K7,200,000, phindu la ufa ndi K1,200,000, kenako pansi pake pakubwera mzere wa ndalama zina wa K250,000. Phindu lonse ndi K1,450,000.

Chigayo chimodzi, mwezi umodzi, makasitomala omwewo, koma mabuku awiri akusiyana ndi K50,000.

Ndalama imeneyi sinasowe. Ili m'sitoko. Njira yoyamba ikuti katundu wotsala ndi ufa wa K2,300,000 ndi gaga wa K150,000, pamodzi K2,450,000. Yachiwiri ikuti ndi ufa wa K2,400,000 basi. Kusiyana kwake ndi K50,000 yomwe ija. Mwezi wotsatira katundu yenseyo akagulitsidwa pa mitengo yomweyo, njira yoyamba ipeza K500,000, yachiwiri ipeza K550,000, ndipo miyezi iwiriyi ikaphatikizidwa buku lililonse lisonyeza K2,000,000.

Wina asaganize kuti njira yoyamba ndiyo imakometsa phindu nthawi zonse. Gaga yense akanagulidwa mwezi woyamba womwewo, njira yachiwiri ikanaonetsa K1,600,000, kuposa inzakeyo ndi K100,000. Chifukwa chake nchakuti njira yachiwiri imatengera ku phindu ndalama yonse ya gaga wogulitsidwa nthawi yomweyo, pamene yoyamba imaimwaza pa ufa wonse, ndipo gawo lina limadikira pamodzi ndi ufa umene sunagulidwe. Amene ali patsogolo mwezi umenewo amadziwika ndi chimene chayenda msanga, ufa kapena gaga.

Tsono ngati mapeto ake onse afika pa K2,000,000, nkudzivutiranji? Yankho lili pa zosankha zimene munthu amapanga akuyang'ana nambala ya mtengo wa kilogalamu imodzi.

Tiyerekeze kuti sukulu ina yogonera komweko yafuna ufa wambiri mwezi ndi mwezi, koma yati ingathe kulipira K1,180 pa kilogalamu. Manijala amene buku lake likumuuza K1,200 akana msangamsanga, poganiza kuti aziluza K20 pa kilogalamu iliyonse. Mnzake amene buku lake likumuuza K1,150 aona phindu la K30 ndipo akhala pansi kukambirana. Wachiwiriyu ndiye akuona zenizeni, chifukwa chimanga chilichonse chimene akonolere sukuluyo chitulutsanso gaga, ndipo gagayo agulitsidwa. Makilogalamu asanu aliwonse a ufa akubwera ndi kilogalamu imodzi ya gaga, kufuna osafuna. Buku loika ndalama ya gaga kutali, pamodzi ndi chiwongoladzanja cha ku banki ndi lendi ya kachipinda kobwereketsa, limabisa ubale umenewu. Limachititsa munthu kuganiza kuti gaga ndi mwayi wongotola, pamene ndi gawo la chimanga chimene anachigula ndi ndalama yake.

Komabe K30 imeneyo yatsamira pa mtengo wa gaga. Apa ndi pamene njira yoyamba ili ndi chilema chake, ndipo oikonda ayenera kuchivomereza poyera. Imadalira kuyerekeza. Pa tsiku limene gaga akulembedwa, palibe wamugula. Mtengo wake umakwera miyezi ya njala pamene chimanga chasowa ndipo anthu ambiri akugayitsa mgaiwa, ndipo umagwa anthu akakolola, zigayo zikamakonola usana ndi usiku. Kuwonjezera apo, gaga sachedwa kuwonongeka. Pokonola amathira madzi pang'ono kuti khungu lifewe, ndiye gaga amatuluka wonyowa, ndiponso amatenga mtima wa chimanga umene uli ndi mafuta. Akamuunjika osamuyanika, amatentha pakati, amachita nkhungu ndi kuyamba kununkha, ndipo mlimi wodziwa ntchito yake sangapatse nkhuku zake zoterozo.

Tibwerere ku makilogalamu 600 aja. Ngati mtengo wagwa kufika K200, mtengo wotsala m'manja wafika pa K150. Katundu amene analembedwa K150,000 tsopano ndi wa K90,000, ndipo K60,000 iyenera kuchotsedwa m'buku ngati kuluza kwa mwezi umene mtengo wagwawo. Akauntanti waulesi kapena wamantha amangosiya nambala yakaleyo, ndipo sitoko imaoneka yonenepa papepala pamene m'nyumbamo muli matumba owola. Chizindikiro chake sichivuta kuona. Ngati mwezi ndi mwezi kugulitsa gaga kukubweretsa ndalama yochepera imene analembedwa, ndiye kuti kuyerekezako kwakwera kwambiri, ndipo ufa wakhala ukuoneka wotchipa kupanga kuposa momwe ulili. Mankhwala ake ndi kutenga mtengo kuchokera pa malisiti a masabata apitawa, osati pa zimene mwini chigayo akulakalaka, ndi kuubwereza nthawi iliyonse potseka mabuku.

Njira yachiwiri ilibe vuto limeneli. Siyerekeza kanthu, imalemba ndalama imene yalowadi. Nchifukwa chake ambiri a mabizinesi ang'onoang'ono amaikonda, ndipo pali malo pamene ili yoyenera. Taganizirani chigayo cha pamudzi chimene sichigula chimanga, chimangogayira anthu nkulandira ndalama pa ndowa. Amayi ambiri amatenga gaga wawo, ena amamusiya. Mwini chigayo akasesa wotsalayo nkugulitsa kamodzikamodzi, palibe mtengo wa ufa woti achotsereko, pakuti ufawo si wake. Chimodzimodzinso mpala matabwa amene utuchi wake mwezi wina umagulidwa ndi oweta nkhuku, mwezi wina amachita kuutaya. Kukhazikitsa mtengo woyerekeza pa katundu wopanda msika wodalirika ndi kudzinamiza. Pamenepo nkwabwino kudikira wogula.

Koma pa kampani imene gaga amatuluka tsiku lililonse ndipo msika wake ndi wodziwika, njira yachiwiri imatsegula makomo awiri oopsa.

Khomo loyamba ndi la kuba. Katundu amene alibe mtengo m'buku palibe amamufunsa. Thumba la ufa likasowa, masamu sagwirizana ndipo wosunga sitoko amayankha mlandu. Thumba la gaga likatuluka pa geti madzulo, buku la ndalama silidziwa kanthu chifukwa silinamulandire nkomwe. Ngakhale amene wasankha njira yachiwiri ayenera kusunga kaundula wa kulemera kwake: chimanga cholowa, ufa wotuluka, gaga wotuluka, zotayika. M'chitsanzo chathu gaga ndi makilogalamu 16 pa 100 aliwonse a chimanga. Mwezi wina nambalayi ikatsika kufika pa 11 pamene ufa sunachuluke ndipo makina sanasinthe, pali amene akudziwa kumene asanuwo akupita.

Khomo lachiwiri ndi la kusewera ndi phindu. Poti gaga amalowa m'phindu pa tsiku logulitsa basi, manijala angathe kumusunga mwezi umene malonda a ufa ayenda bwino, nkumutulutsa yense mwezi umene zavuta, kuti lipoti lake lioneke losalala kwa eni kampani kapena kwa a banki. Gaga sasungika nthawi yaitali, choncho masewerawa ali ndi malire, koma pa katundu wokhalitsa, monga zidutswa za zitsulo za m'fakitale, munthu angathe kusuntha phindu kuchoka chaka china kupita china. Njira yoyamba imachepetsa mpata umenewu chifukwa tsiku logulitsa silisintha phindu, pokhapokha mtengo utasiyana ndi umene unayerekezedwa.

Malamulo a kawerengedwe ka chuma amanenapo pa nkhaniyi. Makampani a m'Malawi muno amene amasindikiza malipoti awo amatsata miyezo ya padziko lonse ya IFRS, ndipo bungwe la akauntanti la ICAM ndilo limayang'anira kuti mamembala ake aziitsata. Muyezo wa katundu wa m'sitoko umatchedwa IAS 2. Ndime 14 ya muyezowu imafotokoza za ntchito imene imatulutsa zinthu zingapo nthawi imodzi. Imanena kuti zotuluka pambali zambiri zimakhala zochepa mtengo, ndipo zikakhala choncho kawirikawiri zimayezedwa pa mtengo wotsala m'manja, umene umachotsedwa ku mtengo wopangira katundu weniweniyo. Imeneyo ndi njira yoyamba ija. Muyezo wofewerapo wa makampani ang'onoang'ono ndi apakatikati, m'gawo 13, umaloza komweko. Njira yachiwiri imapulumukira pa mfundo ya kuchepa: ngati ndalamayo ndi yaing'ono moti singasinthe maganizo a wowerenga lipoti, maodita sangalimbane nayo.

Palinso funso la dzina la mzerewo. Kampani imene imagulitsa gaga sabata iliyonse kwa makasitomala odziwika ikuchita malonda a nthawi zonse. Kuika ndalama zoterozo pa mutu wa ndalama zina, ngati kuti zinangogwa mwangozi, kumasocheretsa wowerenga. Wa banki amene akuyeza ngongole amakonda kuchotsa ndalama zina poganiza kuti sizidzabweranso chaka chamawa. Akatero m'chitsanzo chathu, aona chigayo chopeza K1,200,000 pa malonda a K8,400,000, pafupifupi K14 pa K100 iliyonse, pamene njira yoyamba ikuonetsa pafupifupi K18. Wobwereka angathe kumanidwa ngongole kapena kupatsidwa yochepa chifukwa cha malo chabe amene akauntanti wake anaikapo gaga. Ndipo munthu wofananitsa zigayo ziwiri asanafunse kuti chilichonse chimalemba bwanji gaga, akufananitsa zinthu zosiyana.

Njira zonse ziwirizi zimagwira ntchito pokhapokha chotuluka pambalicho chili chaching'ono. M'chitsanzo chathu, ufa wonse ukagulitsidwa ubweretsa K11,200,000, gaga K480,000, kutanthauza pafupifupi K4 pa K100 iliyonse ya malonda. Ameneyo ndi wapambali ndithu. Koma taonani ofinya soya. Nyemba ya soya ili ndi mafuta osafika gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwake, ndipo chotsala chochuluka ndi keke amene opanga chakudya cha nkhuku amamulimbirana. Kampani ikhoza kumadzitcha ya mafuta ophikira, koma kawirikawiri keke ndiye amabweretsa ndalama yofanana kapena yoposa ya mafutawo. Wina akayesa njira yoyamba pamenepa, achotsa mtengo wonse wa keke ku ndalama zogulira soya, ndipo mafuta aoneka ngati apangidwa pafupifupi ulere, phindu lonse nkuunjikana pa iwo pamene keke akuoneka wopanda phindu. Akayesa yachiwiri, mafuta asenza mtengo wa soya yense nkuoneka oluzitsa, pamene mzere wa ndalama zina wakula kuposa bizinesi yeniyeniyo. Zonse ziwiri ndi zabodza. Pamenepa mafuta ndi keke ndi katundu awiri obadwira pamodzi, ndipo ndime 14 yomwe ija imati mtengo wopangira ugawidwe pakati pawo m'njira yomveka ndi yosasinthasintha, mwachitsanzo potengera ndalama imene aliyense amabweretsa pamsika.

Palibe nambala yokhazikika m'muyezowu imene imanena kuti chinthu chasiya kukhala chapambali chikafika apa. Eni bizinesi ndi akauntanti awo ayenera kuweruza okha, ndipo chiweruzocho chiziunikidwanso, popeza misika imasuntha. Molasesi ndi umboni wake. Pamene Ethco inayamba kupanga ethanolo ku Dwangwa mu 1982, chinthu chimene fakitale ya shuga inkangofuna kuchichotsa pakhomo chinapeza wogula wokhazikika pafupi pomwepo. Makoko a nzimbe otsala pofinya nawo ali ndi nkhani yakeyake: sagulitsidwa kwenikweni, amatenthedwa m'fakitale momwemo kuti apereke nthunzi ndi magetsi. Chotuluka pambali chotere njira yachiwiri singachione nkomwe, chifukwa palibe tsiku logulitsa, chikhalirecho chikupulumutsa ndalama zambiri za mafuta ndi magetsi. Zomwezo zimachitikira mwini chigayo amene ali ndi khola la nkhumba kuseri. Akapanda kulemba gaga amene akupita kukholako pa mtengo umene akanamugulitsira, ufa wake uoneka wodula kupanga, nkhumba zake zioneka ngati zikudya ulere, ndipo sadzadziwa kuti mwa mabizinesi awiriwo imene ikudyetsa inzake ndi iti.

Kwa kampani ya m'chitsanzo chathu, imene imagula chimanga chake, imatulutsa gaga tsiku ndi tsiku ndipo ili ndi malisiti oonetsa mtengo wake, njira yoyamba ndiyo yoyenera, ngakhale imafuna sikelo, kaundula ndi munthu wosatopa kubwereza mtengo. Ikafuna kuchoka pa yachiwiri kupita ku yoyamba, isangodzuka nkusintha pakati pa chaka chifukwa choti manambala a mwezi umenewo akometsa. Muyezo wa IAS 8 umalola kusintha ndondomeko ngati yatsopanoyo ikupereka chithunzi chodalirika ndi chothandiza kwambiri, ndipo umafuna kuti manambala a chaka chathacho akonzedwenso pa njira yatsopanoyo kuti zaka ziwirizo zifananitsike. M'chitsanzo chathu, kukonzako kungatanthauze kulowetsa m'buku gaga wa K150,000 ndi kutsitsa ufa wotsala kuchoka pa K2,400,000 kufika pa K2,300,000.